Odziwa Chifalansa thandizeni: alendowa akufuna tchipisi china kapena atopa nacho?

Mlongo wa kunyanja: Abale ndithandizeni, mutu waima. Ndimagwira ntchito pa loji ina kuno kunyanja, mbali ya Mangochi. Ntchito imene ndinalembedwa ndi yolandira alendo basi, koma chidziwikireni abwana kuti ndinalembako Chifalansa pa fomu 4, chilichonse cha azungu a ku France chimagwera ine. Palibe ndi tambala yomwe yowonjezera, bando ya intaneti ndimagula ndekha, ndipo dzulo ndaweruka usiku chifukwa magetsi anazima jenereta n'kukana kulira. Wophika wathu ndi mlamu wanga, ndiye zikalakwika nkhani ikafika mpaka kunyumba. Tsopano banja lina lachifalansa latumiza uthenga, abwana akuti ndiuike m'Chingerezi chocheza pa gulu lathu la WhatsApp asanapite kumsika. Uthengawo ndi uwu:

"T'inquiète pour hier soir. Le chambo c'était ouf, ché pas comment il fait le chef. Les frites on en veut plus."

Ine kusukulu tinaphunzira kuti kukana kumakhala ne ndi pas, apa ne sindikumuona paliponse. Kodi akudandaula za dzulo? Nanga tchipisicho akufuna chambiri? Mlamu akuti tigule thumba lina la mbatatesi.

Aphunzitsi opuma: Mwanawe, choyamba dziwa kuti chimenecho si Chifalansa. Ndaphunzitsa phunziroli zaka zambiri, ndipo mwana akanandilembera chiganizo chokana chopanda ne ndikanachidula ndi inki yofiira. Chiganizo cholondola ndi "je ne sais pas". Ché pas ndiye chiyani? Uwauze alembe bwino ndipo udzamasulira bwino.

Mnyamata wa kabaza: Aphunzitsi mukufuna kukonza Chifalansa cha eni ake 😂 Achemwali ingoperekani nsima, mkangano uthe.

Wa ku Joni: Sisi, nkhaniyi ndi yophweka. Plus ndi kuwonjezera, ngakhale pa masamu. Akufuna tchipisi chambiri, gulani mbatatesi. Ine ndimameta tsitsi limodzi ndi anyamata a ku Congo kuno, ne samutchula kawirikawiri. Akamudumpha choncho pa Chingerezi muziika "ain't", ndiye kuti mwafanana nawo.

Mayi a ku Lyon: Achemwali musagule kaye mbatatesi. Ndimakhala kuno ndipo ne pocheza amamveka mwa apo ndi apo, madokotala ndi aphunzitsi omwe amamusiya. Kukana kumatsalira pa mawu achiwiri aja: pas, jamais, rien, plus. Mukamva amenewo dziwani kuti munthu wakana. Ché pas ndi "je ne sais pas" yemweyo, ne wagwa, je ndi sais n'kuphatikizana, ambiri amalemba chais pas. Vuto lili pa plus yekha, chifukwa ali ndi ntchito ziwiri. "On en veut plus" atha kukhala "tikufuna china" kapena "sitikuchifunanso". Ndiuzeni, uthengawu anachita kulemba kapena ndi wa mawu?

Aphunzitsi opuma: Mwaonatu! Akanaika ne chisokonezo chimenechi sichikanakhalapo. Ndi zimene ndikunena. Malamulo a chiyankhulo sanaikidwe mwamasewera. Ana a masiku ano angoti foni foni, kulemba kalata sadziwa, Chichewa chomwe akuchidula miyendo.

Mayi a ku Lyon: Aphunzitsi, polemba mukunena zoona. Koma pa chiganizo ichi, poyankhula ne sakanathandiza. Tchulani "on en veut" kenako "on n'en veut". Zimamveka chimodzimodzi, chifukwa n wa on amalumikizana kale ndi en. Khutu silingasiyanitse ngakhale munthuyo atakhala kuti ne wamutchula.

Aphunzitsi opuma: Mayi, kukhala ku France sikupanga munthu kukhala mphunzitsi. Ine ndili ndi mabuku a galamala m'nyumba muno.

Shefu wa m'tauni: Ine chandikhudza ndi cha mlamu wanuyo. Azungu amenewa amavuta pa tchipisi, amafuna chopyapyala chouma, ife timakazinga chonenepa chofewa. Ine mlendo wina anandibwezera mbale katatu, bwana n'kundidula malipiro, chonsecho mafuta anali atagula ndi iyeyo, otsika mtengo. Muwauze alamu akazinge kawiri, koyamba pa moto wochepa, kachiwiri pa moto waukali.

Mlongo wa kunyanja: Zikomo nonse koma abwana aimbanso. Chikundiopsa kwambiri ndi t'inquiète, m'dikishonale akuti inquiéter ndi kudandaulitsa. Ndiye akuti tide nkhawa ndi za dzulo? Madzi otentha kunalibe chifukwa cha magetsi aja, ndipo amene anaiwala kugula dizilo si ine.

Womasulira wa ku Dowa: Mlongo mtima m'malo, pamenepo akukukhululukirani. Mawu onse ndi "ne t'inquiète pas", koma anthu amadula ne ndi pas yemwe, kutsala t'inquiète. Chizindikiro chake ndi malo a t'. Polamula munthu kuti achite chinthu, kamawu koimira munthuyo kamabwera pambuyo, akanati "inquiète-toi". Kakakhala kutsogolo choncho ndiye kuti ndi kuletsa, musadandaule. Pa foni amangolemba tkt. M'Chingerezi chocheza ikani "no worries about last night". Ine ndimamasulira anthu ochokera ku Congo ndi ku Burundi kuno kufupi ndi Dzaleka, koma ndikuuzeni kuti ouf yo sindiimva kawirikawiri kwa akuluakulu a kuno, ndi ya achinyamata a ku France. A ku Congo ali ndi zawo, 70 amati septante, 90 nonante, monga a ku Belgium.

Wa ku Joni: Ouf ndi kupuma kwa munthu amene wapulumuka. Ndiye kuti chambocho chinali ndi minga, apulumuka.

Mayi a ku Lyon: Achimwene, ouf wa kupuma alipodi, koma amaima payekha, munthu akati "ouf!" atatula katundu. Uyu wabwera pambuyo pa c'était, ndi fou wotembenuzidwa, misala. Amatembenuza mawu choncho, amati verlan: lourd amakhala relou, munthu wotopetsa, femme amakhala meuf. C'était ouf atha kuyamikira kapena kudabwa ndi choipa, koma apa akupitiriza kuti sakudziwa mmene wophika amachitira, ndiye ndi kuyamikira. Za "ain't" zija ayi musaike. Kusiya ne ndi kuyankhula wamba kwa aliyense, pomwe "ain't" imamupatsa munthu mtundu wina wa kayankhulidwe umene mlendoyo alibe. "Don't" ikukwana. Pa chais pas mpamene mungaike "dunno", chifukwa onse awiri ndi mawu omezedwa. Koma achemwali simunandiyankhe, ndi wolemba kapena wa mawu?

Aphunzitsi opuma: "Dunno" kwa abwana? Mwana wa eni achotsedwe ntchito chifukwa cha inu? Mwanawe lemba "I do not know how the chef prepares it". Womasulira amakonza zimene woyankhula waononga. Ndi ulemu umenewo.

Womasulira wa ku Dowa: Bambo, pa ntchito yathu timaletsedwa kukonza munthu. Akayankhula mocheza iwe n'kumuika m'Chingerezi cha kalata ya ku ofesi, womvera amaganiza kuti wakwiya. Taganizani abwanawo akuwerenga "we do not want any more chips" pa WhatsApp. Ayamba kufunsa kuti walakwa ndani, chonsecho mlendo amaseka.

Aphunzitsi opuma: Kuseka mwakuona kuti? Munalipo?

Mnyamata wa kabaza: Mbatatesi zikwera mtengo aphunzitsi asanagonje.

Mlongo wa kunyanja: Pepani mayi, ndimathamangira alendo ena. Ndi wa mawu, anajambula ali m'boti, ine ndachita kulemba mmene ndamvera. Kumapeto kulinso timawu tina sindinatilembe chifukwa mphepo ikusokosa, ngati "fo pal prandre mal".

Mayi a ku Lyon: Mukananena poyamba paja! Ndiye yankho lili m'foni mwanumo. Valani zam'makutu mumvetsere plus yekhayo. Ngati s wa kumapeto akumveka, akufuna china. Ngati mawu athera pa u, s osamveka, sakuchifunanso. Pa mapeto a chiganizo ngati apa lamuloli limagwira bwino. Ndipo timawu munasiyato ndi "faut pas le prendre mal", kutanthauza kuti musakhumudwe nazo. Il ndi ne zonse zagwa. Munthu wopempha mbale ina sapepesa choncho.

Wa ku Joni: Atha kupepesa chifukwa akudya kwambiri. Ine ndikadali pa mbatatesi.

Mlongo wa kunyanja: Ndamvetsera. S sindikumumva, koma injini ya boti ikulira pomwepo ndiye sindingalumbire.

Womasulira wa ku Dowa: Zikatero ine ndimadalira zozungulira. Onani kuti les frites aiika kutsogolo atangotha kuyamikira chambo, ngati akusiyanitsa ziwirizo. Chinanso, wofuna china kawirikawiri amati encore, "on en veut encore", pothawa chisokonezo chomwechi. Zonse zikuloza kokana. Komabe kufunsa sikulakwa, alembereni kuti "Encore des frites ce soir, oui ou non ?" Ayankha ndi liwu limodzi.

Mayi a ku Lyon: Kwa abwana tumizani chonchi:

"No worries about last night. The chambo was insane, dunno how the chef does it. No more chips for us though, no offence!"

Shefu wa m'tauni: Insane? Mayi inu, mlamuyo akawerenga kuti nsomba yake ndi yamisala mpeni autaya pansi. Kukhitchini sitimva Chingerezi cha choncho.

Mayi a ku Lyon: Pamenepo mwanena zoona, owerenga ndi anthu a pa loji. Ikani "so good" achemwali. Ka misala kaja katayika koma uthenga ufika.

Womasulira wa ku Dowa: Ine ndikanaika "crazy good", kuti fou asafe yense. "No offence" ndiyenso sindikuikonda, ena amaimva ngati mawu otsogolera chipongwe. "Don't take it badly" ili pafupi ndi zimene ananena.

Mayi a ku Lyon: Imeneyo ndi yolemera, ikumveka ngati pali mlandu. Mlendoyo ananena mopepuka.

Aphunzitsi opuma: Onani tsopano, akatswiri awiri akulephera kugwirizana pa chiganizo chimodzi. Mwanawe, ndakuuza kale cholemba. Ndipo ukawapeze abwana ako za malipiro, kumasulira ndi ntchito ina payokha, pamenepo pokha ndili nawe.

Mlongo wa kunyanja: Ndatumiza ndi "so good" ndi "dunno", pa tchipisi ndalemba "no more chips" n'kuwonjezera kuti ndikufunsanso alendowo. Sanayankhe, kuchilumba kumene apita netiweki imavuta. Mlamu wanyamuka kale kupita kumsika ndipo foni yake sakuyankha. Pali amene akudziwa kuti "on rentre vers 18h, grave faim" grave yo ndi matenda kapena chiyani? Uwu ndiye anachita kulemba m'mawa.

Womasulira wa ku Dowa: Si matenda. Grave apa ndi "kwambiri", akuti abwera cha m'ma 6 koloko madzulo ali ndi njala yoopsa. Lembani "back around 6, starving". Muwauze akukhitchini aphikiretu mpunga.