Galimoto ya ku Japan kufika pa Songwe, ndikonze ndalama zingati?

Abale ndithandizeni, ndikufuna kuitanitsa Toyota Sienta ya 2012 ku Japan koma masamu akundizunguza mutu. Pamtengo alemba FOB madola 1,900, womwe ndi mtengo wake ikadali padoko la ku Japan, ndikasankha doko la Dar es Salaam ikukwera kufika 3,600 CIF, ndiye kuti sitima ndi inshuwalansi zalowa kale mmenemo eti? Nanga zolipira padoko, ejenti wa ku Dar, dalaivala ndi mafuta mpaka pa Kasumulu, boda ya Songwe mbali ya Tanzania, zimakhala zapadera?

Chikundiopsa kwambiri ndi dyuti. Ena akuti a MRA sayang'ana invoisi yako, ali ndi mitengo yawoyawo potengera chaka ndi kukula kwa injini, ndiye iyi ya 1500cc yopitirira zaka 12 ekisaizi yake imakhala bwanji, poti pamwamba pake pabweranso VAT? Ndisakaione galimoto ili mbuu fumbi pa Songwe ine ndalama zitandithera, sitoreji ikuwerenga tsiku ndi tsiku.

Komanso madola mabanki akuvuta, inu munalipira bwanji? Ndipo ndi bwino kukiliya pa boda pomwepo kapena kuibweretsa pa bondi, dyuti isanalipiridwe, mpaka ku Lilongwe? Amene munaitanitsapo posachedwa ndiuzeni chonde.