Olemba ntchito sakundipeza pa LinkedIn, ndalakwitsa pati?

Wofunsa (mayi wa ku Machinjiri):
Moni nonse pagulu pano, ndithandizeniko maganizo. Ine ndili ndi dipuloma ya za akaunti, ndagwira zaka 4 pa kampani ina ku Limbe koma ntchito inatha mwezi wa 3, anati bizinesi yavuta. Pa LinkedIn ndilipo chaka chachiwiri ichi, chithunzi ndinaika chabwinobwino, sivi ndinaiika pa Featured, koma palibe ndi mmodzi yemwe wolemba ntchito anandilemberapo. Ndikayang'ana pa Search appearances, paja pamaonetsa kuti ndatuluka kangati anthu akamasecha, ndimaona 2, sabata ina 3, ina 0. Nde mnzanga amene tinkakhala naye ofesi imodzi, ntchito yake yomweyo ndi yanga, amufuna kawiri konse ndipo wayamba kale kwina ku Ginnery Corner. Sikuti ndi nsanje ayi, ndikungofuna kumvetsa kuti anthuwa akamafufuza amalemba chani ndipo amayang'ana pati kwenikweni? Pansi pa dzina langa ndinalemba "Hardworking professional seeking new opportunities", paudindo ndinalemba "Officer II" poti ndi mmene zinalili pa kalata yanga ya ntchito.

Bambo wa ku Ndirande:
Achemwali pa Malawi pano ntchito ndi kudziwana basi, mnzanuyo ali ndi munthu mkati. Musamalizire bandulo pa zimenezo, pitani mukasiye makalata pa geti.

Mayi wolemba anthu ntchito (ku Namiwawa):
Asisi pepani ndi kutha kwa ntchito. Ine ntchito yanga ndi yomweyi yofufuzira makampani anthu nde ndikuuzeni mmene ndimachitira ndikakhala pa laputopu. Kudziwana kulipo inde sindikana, koma pa nkhani yanu vuto ndaliona kale pa zomwe mwalembazo.

Bwana akandiuza kuti akufuna munthu wa akaunti mu Blantyre, ine sindiwerenga mapulofayilo mmodzimmodzi ayi. Ndimatsegula LinkedIn Recruiter, ija yolipira, ndipo kumanzere kuli mabokosi. Loyamba limene ndimadzaza ndi Job titles, lachiwiri Locations, kenako Skills kapena Keywords. Amene sanagwirizane ndi zomwe ndalemba mmabokosimo satulukira nkomwe, si kuti ali pansi pa mndandanda, kulibiretu. Chomwe ndingalembe ndi ngati ichi:

```
("Accounts Assistant" OR "Accounts Clerk" OR Bookkeeper)
AND (Sage OR QuickBooks)
```

Tsopano taonani inu. Udindo wanu ndi "Officer II". Ndani angalembe "Officer II" pofuna munthu wa akaunti? Limenelo ndi dzina la giredi ya mkati mwa kampani yanu, kunja kuno silitanthauza kanthu. Nde pa bokosi loyamba lomwelo mwagwa kale. Mnzanuyo tamufunsani, ndikukhulupirira analemba Accounts Assistant kapena china chotero.

Wofunsa:
Eeeh mayi ndangoyang'ana pompano, analembadi "Assistant Accountant". Koma si bodza limenelo? Akadzafunsa ku kampani yakale adzamva kuti ndinali Officer II, ndiye ndidzaoneka wonama.

Mayi wolemba anthu ntchito:
Bodza ndi kudzitcha Finance Manager pomwe munali wothandizira. Koma ngati tsiku ndi tsiku munkalowetsa mainivoisi, kuyanjanitsa mabuku ndi sitetimenti ya ku banki, kukonza malipiro, ndiye ntchitoyo dzina lake pamsika ndi Accounts Assistant. Lembani zonse ziwiri, "Accounts Assistant - Officer II", palibe angakutsutseni. Ndipo mukamalemba, pamatsika kamndandanda ka maudindo amene LinkedIn ikuwadziwa kale, ngati lanu lilipo sankhani pamenepo kusiyana ndi kupeka lanulanu.

China ndi mzere wa pansi pa dzina uja, Headline. Umalola zilembo 220 ndipo inu mwaziwonongera pa mawu amene palibe amawasecha. Chiyambireni ntchitoyi sindinalembepo "hardworking" mu bokosi, aliyense amati ndi wolimbikira. Mzere umenewo umagwira ntchito ziwiri, mawu ake amapezeka posecha, komanso ndi umene ndimauona pa mndandanda ndisanatsegule pulofayilo yanu. Anthu akatuluka 80 ine nditsegula mwina 15, ndipo ndimasankha poona mzere umenewo ndi udindo. Ine ndikanakhala inu ndikanalemba chonchi:

```
Accounts Assistant | Sage, Excel, Payroll, VAT & PAYE returns | Blantyre
```

Koma ikani zokhazo zimene mumazidziwadi, chifukwa pa intavyu adzakukhazikani pa kompyuta.

Mnyamata wa makompyuta (ku Chichiri):
Chinsinsi ndi kubwereza mawu asisi. Lembani accountant kokwana ka 30 mu About, makina amawerenga kuti mawu abwera kangati ndiye amakukwezani pamwamba. Komanso pezani anthu ambiri akuchiteni endosi pa masikilu.

Mayi wolemba anthu ntchito:
Achimwene mwalondola theka. Mawuwo ayenera kupezekadi mu pulofayilo, pamenepo tagwirizana. Koma fyuluta imangofunsa kuti mawu alipo kapena palibe, kamodzi kakwana kuti mulowe mu mndandanda. Za amene akhale pamwamba ndi nkhani ina, LinkedIn sinatulutsepo masikelo ake kuti gawo ili ndi mapoyinti mwakuti, ndiye amene akukuuzani manambala enieni akungoganiza. Zomwe ndimaona ine pa sikirini yanga ndi zoti amene udindo wake ukufanana ndendende ndi zomwe ndalemba, masikilu ali pa Skills, ndipo anaonetsa kuti akufuna ntchito, ndi amene amabwera msanga. Ndipo ndikatsegula nkupeza accountant accountant accountant ka 30 ndimatseka pompo, pajatu pamapeto wowerenga ndi munthu. Za maendosi sindingalimbikire, ine sindinasankhepo munthu chifukwa cha izo, anzanga ena amati amaziyang'ana.

Mnyamata wa makompyuta:
Chabwino mayi koma ine nditawonjezera mawu mu About ma Search appearances anga anakwera, nde sindikuvomereza kwenikweni.

Mtsikana wa ku Zingwangwa:
Pepani kulowerera, ine pasiwedi yanga ya LinkedIn ndinaiwala ndipo nambala imene ndinalembetsera inatayika limodzi ndi foni, nditsegule ina kapena?

Bambo wa ku Chilomoni:
Achemwali a ku Zingwangwa yesani kaye imelo imene munalembetsera, akaunti ziwiri zimasokoneza. Kwa wofunsa, ine langa linali malo. Ndinatsegula akaunti ndili pa sukulu ku Zomba ndipo pa Location panakhala Zomba zaka zonsezi ine ndili ku Blantyre, ndinadzazindikira mlamu wanga atandisecha pa foni yake ndi fyuluta ya Blantyre osandipeza. Tayang'anani panu palembedwa chani.

Wofunsa:
Akulu panga pangolembedwa Malawi basi. Ndimaganiza kuti zili bwino choncho kuti a ku Lilongwe nawonso andione.

Mayi wolemba anthu ntchito:
Ayi asisi zimatembenuka. Ndikasankha Malawi yense, wa Blantyre amatuluka chifukwa Blantyre ili mu Malawi. Koma ndikasankha Blantyre, amene anangolemba Malawi akhoza kutsalira kunja poti makina sakudziwa kuti ali mzinda uti. Ndipo ntchito ngati yanuyi mabwana ambiri safuna zolipira munthu kusamuka, amati ndipezereni wa konkuno. Ikani Blantyre. Ngati Lilongwe mungapite, muike pa Open to work, pamenepo pali malo osankha mizinda ndi maudindo amene mukufuna.

Sivi ija mwaika pa Featured musaidalire, ndi pepala chabe loti munthu atsegule akafika kale pa pulofayilo yanu. Zonse zili mmenemo zilembeninso pa Experience ndi pa Skills. Pansi pa ntchito yanu ya ku Limbe lembani ziganizo zitatu zinayi zomveka, kuti munkakonza malipiro a anthu angati, munkagwiritsa pulogalamu yanji, munkatumiza maritani a VAT ndi PAYE ku MRA mwezi ndi mwezi. Mawu ngati amenewo ndi amene ndimalemba pa Keywords. Ndipo samalani ndi zidule, wina amasecha ICAM wina amalemba dzina lonse loti Institute of Chartered Accountants in Malawi, nde pa Education kapena pa masatifiketi ikani zonse ziwiri ngati pepala lanu ndi la kumeneko.

Bambo wa ku Chilomoni:
Mayi nanga poti ntchito yawo inatha, si ndiye sakutulukanso? Ine ndinamva kuti uyenera kukhala ndi ntchito yoti ukugwira pano, ena amalemba kuti Freelance.

Mayi wolemba anthu ntchito:
Pa Job titles timasankha tokha, Current, Past, kapena Current or past. Amene wasankha Current yokha sawaona ndithu amene alibe ntchito pano, zimenezo nzoona. Ine ndimasiya pa zonse ziwiri koma sindingayankhire anzanga. Ngati asisiwa akusungiradi mabuku kashopu ka wina ku Limbe kapena ka tchalitchi, ngakhale mongothandiza, ailembe ngati ntchito ya pano ndi udindo wa Bookkeeper. Ngati palibe asapeke, ndimafunsa pa foni ndipo zimadziwika pa miniti imodzi.

Wofunsa:
Ndimawasungira mabuku achimwene anga a hadiweya ku Bangwe Loweruka lililonse, sindimadziwa kuti ingawerengedwe. Nanga kamkombero kobiriwira ka Open to work kaja pa chithunzi ndiike? Ena amati kamakuonetsa ngati wosowa pogwira.

Mayi wolemba anthu ntchito:
Pali zosankha ziwiri pamenepo. Recruiters only imaoneka kwa ife okha amene tili pa Recruiter, All LinkedIn members ndi imene imaika kobiriwira kaja kuti aliyense aone. Kwa amene akadali pa ntchito ndimati asankhe yoyamba, ngakhale LinkedIn yokha imanena kuti singatsimikize kuti a kampani yako sadzaona. Inu mulibe woti mumubisire. Ndipo kumbukirani kuti Recruiter ndi yodula, amalipira mu madola, nde mabwana ambiri a makampani ang'ono muno amangosecha ndi akaunti yaulere. Amenewo Recruiters only saiona. Komanso sechi yaulere imakonda kuonetsa anthu amene uli nawo pafupi, 1st ndi 2nd, nde ngati muli ndi makonekishoni 40 a ku sekondale okhaokha simufika pamaso pawo. Lumikizanani ndi anthu a akaunti ndi olemba ntchito a mu Blantyre muno.

Mayi wa ku Nyambadwe:
Ine kobiriwirako sindikakonda, bwana wanga wakale ankati akaona kameneko amatsitsa malipiro poti akudziwa kuti uvomera chilichonse. Sindikuti onse amatero koma ndinamva ndi makutu anga.

Bambo wa ku Ndirande:
Mwalemba zambiri koma makalata pa geti asasiye.

Wofunsa:
Makalata sindisiya akulu. Ndasintha udindo, mzere wa pansi pa dzina ndi Blantyre, masikilu ndaika 12, za hadiweya ndilemba mawa ndikafunsa achimwene kuti ndinayamba mwezi uti kwenikweni. Kobiriwirako ndaika kaye Recruiters only ndikuganizabe. Mayi wa ku Namiwawa, Search appearances imasintha pakapita masiku angati kuti ndidziwe ngati zagwira?

Mayi wolemba anthu ntchito:
Imawerengedwa pa sabata, nde dikirani masabata awiri atatu. Ndipo musangoona nambala, itseguleni, imaonetsako maudindo ndi makampani a anthu amene anakupezani. Ngati mukuona a za akaunti ndi olemba ntchito ndiye zagwira, ngati ndi anthu osagwirizana ndi ntchito yanu bwererani pano tidzaonenso Headline.