Ndisankhe VPN iti pa wayifayi ya pagulu?

Abale, ndithandizeni. Ntchito yanga ndi yoyendayenda, ndipo maimelo a makasitomala ndimayankhira pa wayifayi ya m'malo ogona alendo, ina yopanda ndi pasiwedi yomwe. Ndikufuna VPN ya pa foni ndi laputopu.

Zaulere zikundichititsa mantha. Deta yanga yonse imadutsa pa seva zawo, ndiye ndalama amazipeza kuti ngati sagulitsa mbiri ya mawebusayiti amene ndimatsegula? Ina yomwe ndinayesa inapempha chilolezo choona manambala a m'foni mwanga, ndinaichotsa pomwepo. Koma Proton VPN ili ndi gawo laulere lomwe limayendera ndalama za olipira. Kodi imeneyo mumaikhulupirira?

Kwa inu olipira, mumatsimikiza bwanji kuti kampani sisunga zomwe mumachita? Nanga `kill switch`, yodula intaneti VPN ikaduka, imagwiradi ntchito pa netiweki yodukaduka?