Sopo akuyenda, phindu silikuoneka

Wophunzira, Nchalo: Akuluakulu, ndithandizeni. Pagolosale pomwe ndikuphunzirira ntchito timaoda sopo pa K800, kugulitsa K1,000, ndipo pa sabata amatuluka 100. Ndinawauza abwana titsitse afike K900. Sabata yatha atuluka 125, koma abwana akuti ndawaluzitsa. Zoona?

Mnzake wa m'kalasi, Chikwawa: Aise, usade nkhawa. Mtengo watsika ndi 10 peresenti, ogula akwera ndi 25. Gawa 25 ndi 10, ilasitisiti yako, muyeso wa mmene ogula amasinthira mtengo ukasintha, ndi 2.5. Ikaposa 1 ndiye kuti kutsitsa kwakupindulira. Kale munkatolera K100,000, pano K112,500.

Mayi wa hawuselo, Ngabu: Mwanawe, masamu akowo ndi olondola, koma wawerenga ndalama za m'kabati. Za m'kabati zambiri n'za mwini katundu. Pa K1,000 sopo mmodzi ankasiya K200, ndiye 100 ankasiya K20,000. Pa K900 akusiya K100 yokha, chifukwa kooda sanakutsitsireni. Sopo 125 asiya K12,500. Abwanawo ataya K7,500, sakunama ayi.

Taonani bwino apa. Pamtengo mwachotsapo kagawo kakang'ono, koma paphindu mwadula theka. Kuti K20,000 ija ibwerere mufunika kugulitsa sopo 200, ogula achuluke kawiri. Pamenepo ilasitisiti yofunika ndi 10, osati 2.5. Musanatsitse, muzigawa phindu lakale la sabata ndi phindu latsopano la chinthu chimodzi, kenako mudzifunse ngati anthu ochuluka choncho alipodi pamsika wanu.

Wogulitsa mbuzi, Bangula: Ine ndimatsitsa dzuwa likapendeka ndipo zimatha zonse. Kutsitsa n'kwabwino basi.

Mayi wa hawuselo, Ngabu: Zanuzo n'zina, bambo. Mbuzi yobwerera kumudzi idya thiransipoti, monga tomato wogona pabenchi ndi kutentha kwathu kuno amaola. Sopo saola, akhoza kudikira.

Mphunzitsi, Nsanje: Ine ngakhale 125 yo sindikuikhulupirira. Sabata yake inali iti? Ngati inali yakumapeto kwa mwezi, ogwira ntchito ku minda ya nzimbe atalandira, sopo akanayenda ndithu pamtengo wakale. Komanso anthu akaona sopo wotchipa amagula atatu n'kusunga. Sachapa kwambiri chifukwa watchipa. Mukaona masabata awiri otsatira malonda atagwa kufika 80 kapena 85, dziwani kuti munangogulitsiratu za mawa. Yerekezani sabata ya malipiro ndi inzake ya malipiro.

Wophunzira, Nchalo: Inalidi ya malipiro, aphunzitsi. Koma ena obwerera sopo anagulanso shuga ndi mafuta ophikira. Zimenezo siziwerengedwa?

Mphunzitsi, Nsanje: Ziwerengedwa, ngati kaundula akuonetsa kuti phindu la zinazo lakwera ndi ndalama zoposa K7,500. Mumalemba zimene munthu aliyense wagula?

Wophunzira, Nchalo: Ayi, timangolemba zonse pamodzi madzulo.

Mnzake wa m'kalasi, Chikwawa: Nanga mukabwezera K1,000 pomwe wapafupi nanu watsitsa kale, anthu sathawira komweko?

Mayi wa hawuselo, Ngabu: Akhoza kuthawa. Kaoneni kaye ngati watsitsadi, ndipo mufufuze komwe amaoda.