Seva tinaizimitsa, koma bilu ya AWS yabwera ya madola 40

Wa chaka chachitatu: Akuluakulu, ndithandizeni. Tilipo anayi, tinkapanga pulojekiti ya kusukulu pa AWS, komwe Amazon imabwereketsa maseva pa intaneti. Titamaliza ndinadina Stop pa seva yathu ya EC2, koma mwezi wotsatira bilu yabwera ya madola 40.80. Bajeti ya madola 10 tinaiika kale. Nanga ndalama zadutsa bwanji pamenepo?

Mnyamata wa mawebusaiti: Akuberani kiyi amenewo. Mnzanga anaiwala kiyi mu kodi yomwe anaika poyera, kutacha anapeza maseva achilendo ali mbwee. Sinthani makiyi msanga.

Mayi wa maseva: Kusintha makiyi sikulakwa, koma wakuba sadya madola 40 okha mwezi wathunthu. Achimwene, lowani mu Cost Explorer, pa Group by musankhe Usage type, mutiuze zomwe mukuona.

Wa chaka chachitatu: Pali NatGateway-Hours madola 32.40, za IPv4 madola 3.60, ndi za EBS madola 4.80. Zonse ku us-east-1.

Mayi wa maseva: Basi nkhani ndi imeneyo, palibe wakuba. NAT Gateway, chipata chomwe maseva obisika amadutsira popita pa intaneti, ilibe batani lozimitsira. Ikangokhalapo imawerenga maola, kaya ikugwira ntchito kaya ayi. Kumeneko ndi madola 0.045 pa ola, ndiye maola 720 a mwezi wa masiku 30 akupereka 32.40 yanuyo. Adiresi ya IPv4 yomwe ili pa iyo ndi madola 0.005 pa ola kuyambira pa 1 Febuluwale 2024, ndiyo 3.60. Yotsalayo ndi disiki. Seva ikazima, disiki yake imakhalabe ikusunga zinthu zanu, ndipo mumailipira. Onani kaye ndi lamulo ili:

```
aws ec2 describe-nat-gateways --region us-east-1
```

Mukaifufuta NAT Gateway imeneyo, musaiwale kubweza adiresi ija pa Release Elastic IP addresses, chifukwa siichoka yokha. Disiki muifufute pokhapokha mutakopera zomwe mukuzifuna.

Tsono za bajeti. Ambiri timaganiza kuti ndi mpanda, pomwe ndi belu chabe. Imalira ndalama zikafika pomwe munanena, koma siizimitsa kanthu. Ndiponso imalira mochedwa, poti manambala ake amasinthidwa kangapo kokha pa tsiku, ndiye pangadutse maola angapo musanamve. Inu munkawononga pafupifupi madola 1.36 pa tsiku, choncho chenjezo linayenera kubwera cha pa tsiku lachisanu ndi chitatu. Linapita kwa ndani?

Wa chaka chachitatu: Ndafunsa anzanga. Linapita ku imelo ya mnzathu amene anatsegula akaunti, ndipo sanaitsegule chitsekereni sukulu. Zandipweteka kwambiri, chifukwa tikanataya madola 11 okha.

Bambo wa kakampani: Ife tilipo asanu kuntchito, ndipo chinatipulumutsa ndi matagi, timayina tomwe mumamata pa chinthu chilichonse cha mu akaunti. Chilichonse chimakhala ndi `project` ndi `owner`. Ikani matagi lero, muona yekha amene anadya ndalamazo.

Mayi wa maseva: Matagi ndi abwino, bambo, koma tagi yoikidwa lero siuza za mwezi watha, pomwe chinthucho chinalibe tagi. Komanso kumata kokha sikukwanira. Muyenera kupita ku Billing, pa Cost allocation tags, n'kudina Activate, kenaka kudikira mpaka maola 24 kuti ziyambe kuoneka. Samalaninso kalembedwe: `Owner` ndi `owner` ndi matagi awiri osiyana. Phindu lalikulu la matagi kwa gulu laling'ono ndi mzere wa zinthu zopanda tagi. Mmenemo ndi momwe mumabisala zinthu ngati NAT Gateway imeneyi, zomwe zimabwera munthu akamadina Create VPC osawerenga zonse zasankhidwa.

Ndikanakhala inu, ndikanaika machenjezo pa 50%, 80% ndi 100% ya ndalama zomwe zagwiritsidwa kale ntchito, onse apite ku maimelo a anthu anayi nonse. Chenjezo la Forecasted ndi labwino, koma limafuna mbiri ya pafupifupi masabata asanu, ndiye pa akaunti yatsopano musalidalire.

Bambo wa kakampani: Zoti ndi belu chabe sindikuvomereza kwathunthu. Pali Budget actions. Ife tinaikonza kuti ikafika 100% izimitse yokha maseva a EC2 ndi madatabesi a RDS.

Mayi wa maseva: Zoona, ilipo. Koma pa vuto ili sikanathandiza, poti seva inali yozima kale, ndipo NAT Gateway ndi disiki siizikhudza. Chenjeraninso ndi RDS: mukaizimitsa, imadziyatsa yokha pakatha masiku 7.

Bambo wa kakampani: Komabe theka la chitetezo liposa kukhala opanda. Kwa ana asukulu ine ndingaiike ndithu.

Wa chaka chachitatu: Ndafufuta NAT Gateway, adiresi ndabweza, maimelo anayi ndaika. Disiki ndaisiya kaye chifukwa aphunzitsi sanaone ntchito yathu. Kodi ndikatenga snapshot n'kufufuta disikiyo, zingatchipeko, kapena ndingopirira madola 4.80 mwezi umodzi wina?