Kwinini uja wayambanso kuliza anthu makutu, tithandizane

Mphatso (namwino): Madala ndithandizeni. Ndili ndi mayi wa mimba ya masabata 10, malungo anapezeka, tinamuyamba kwinini wakumwa mapilitsi awiri katatu patsiku, lero tsiku lachitatu wabwera akuti m'makutu mukungolira ngati nyenje ndipo sakumva bwino, akuti basi sapitiriza. Thupi lazizira kale. Ndimusiyitse?

Chikondi (wa ku famase): Musamusiyitse asisi. Kulira makutuko ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, tizilombo tikufa, agogo athu ankatero kalekale

A Phiri (kilinikala ofisa): A Chikondi, zoti asasiye mwalondola koma chifukwa chakecho ayi. Makutu amalira ngakhale munthu wopanda malungo atamwa kwinini, kulirako kukungotiuza kuti mankhwala achuluka m'magazi, sikutiuza za tizilombo. Mkati mwa khutu muli timaselo ta titsitsi tomwe timakweza mawu tisanawatumize ku ubongo, kwinini amatseka tinjira ta potaziyamu ta timaselo timeneti ndiye timafooka, mawu opyapyala amayamba kusowa, munthu nkumamva kulira koti kunja kulibe. Akamaliza mankhwala zimatha pakapita masiku ochepa. Mphatso, mayiyo akulemera bwanji?

Mphatso: Makilo 42, ndi wochepa thupi

A Phiri: Ndiye vuto ndi limenelo. Mlingo ndi 10 mg pa kilo maola 8 aliwonse. Iye afunika 420 mg, inu mukumupatsa 600 mg, ndiye kuti pafupifupi 14 mg pa kilo. Mapilitsi a 300 mg aja mupatseni limodzi ndi theka. Chinanso anthu saganiza, malungo akakhala pachimake magazi amakhala ndi puloteni wina wambiri yemwe amamanga kwinini, ndiye munthu akayamba kuchira puloteniyo amatsika, kwinini womasuka nkuchuluka, nchifukwa chake madandaulo a makutu amakonda kubwera tsiku lachiwiri lachitatu pomwe wodwala akuona ngati wachira

Chikondi: Chabwino ndamva bwana, koma ngati thupi lazizira masiku 7 onsewo ndi achani, kuwawa kwakenso kuja

A Phiri: Ndi mmene amaphera. Kachilombo kakalowa m'selo yofiira kamadya hemogulobini m'kathumba kake kogayira chakudya, ndipo pamatsala himu, amene ndi poizoni kwa iko komwe, ndiye kamamuumitsa kukhala timibulu takuda tija a labu amationa pa silaidi, hemozoyini. Kwinini amaunjikana m'kathumbako poti muli asidi, nkulepheretsa kuumitsako, himu nkuchuluka, kachilombo kamafa ndi zinyalala zake zomwe. Koma izi zimatheka pa tizilombo tomwe takula tikudya kwambiri. Tating'ono tongolowa kumene ta ngati mphete tija samatigwira bwino, ayenera kudikira tikule, ndipo ulendo umodzi wa kachilombo ka malungo ka falisipalamu ndi maola 48. Mukasiya tsiku lachitatu otsala aja abwerera.

Yamikani (wa labu): Zoona, timibuluto timaoneka ngakhale m'maselo oyera. Paja mtengo wa kwinini umamera kunoko? amalume anga amawiritsa makungwa ena owawa akuti ndi kwinini yemweyo

Chikondi: Ayi aise, sinkona ndi wa kumapiri a Andes uko, Peru, Bolivia, Ecuador. Kwinini anamupatula m'makungwa ake ndi Pelletier ndi Caventou ku France mu 1820. Kuwawa sikutanthauza kuti muli kwinini, amalumewo akapimitse kaye

Mayi Gondwe (mzamba): Ine makutu sandiopsa kwenikweni, chondiopsa ndi shuga. Kwinini amachititsa kapamba kutulutsa insulini wambiri ndipo amayi apakati ndi amene amagwa msanga, winanso ali ndi nseru sakudya. Ndinaonapo wina ali pa diripi akungotuluka thukuta kusokonezeka tonse tikuti malungo akwera kumutu, kupima shuga ali pansi zedi. Mphatso mupimeni asanapite ndipo azidya kaye asanamwe. Mumufunsenso ngati sakumwa asipirini wa pa golosale, nayenso amaliza makutu, ndipo ngati analandira jentamaisini posachedwa ndiye nkhani ina poti uyo akaononga khutu silibwerera

A Phiri: Eya. Ndipo akanena kuti maso akuchita chidima kapena mitundu ikusintha, mtima ukugunda modumphadumpha, kapena mkodzo wada ngati kokakola, pamenepo siyani kwinini nthawi yomweyo mumutumize, izo si za makutu wamba.

Mphatso: Shuga ndapima ali 4.8, maso akuona bwino, asipirini sakumwa. Ndachepetsa mlingo, wavomera monyinyirika. Koma funso langa bwanji osangomupatsa LA, ndinamva kuti WHO mu 2022 inalola LA ngakhale miyezi itatu yoyamba

Mayi Gondwe: Inalola inde, ndipo masiku 3 anthu amamaliza kusiyana ndi 7. Koma buku lomwe lili pa tebulo kwathu kuno likunenabe kwinini ndi kilindamaisini, ine sindisintha pandekha mpaka akuluakulu atiuze

A Phiri: Ine akanakananso mawa ndingamusinthire ku LA, kusiyana nkuti akasiyire panjira kunyumba. Kilindamaisini munamupatsa Mphatso?

Mphatso: Anatha mwezi watha, tili ndi kwinini yekha