Mumagawa bwanji ndalama ya mwezi mukakhala pachibwenzi kuyunivesite?

Anzanga, tithandizeni nzeru. Tikukonza zokambirana ndi ophunzira a chaka choyamba ku Zomba, ndipo pankhani ya chibwenzi ndi ndalama mutu waima.

Nachi chitsanzo. Mnyamata amalandira K80,000 pamwezi kuchokera kwawo. Lendi ya chipinda kunja kwa sukulu, monga ku Chikanda, yadya K30,000. Ufa, ndiwo ndi makala K35,000, bandulo ndi kusindikiza manotsi K10,000. Yotsala ndi K5,000 basi. Tchipisi cha awiri, zakumwa ndi kabaza Loweruka limodzi, yatheratu. Anzake akayamba kumuseka kuti ndi woumira, amatenga katapila kapena kupinyolitsa laputopu, ndiye asayimenti alembera pati?

Chizindikiro timachidziwa: kalasi ya m'mawa Lolemba ayamba kujomba, ndipo pofika pa 20 akudya kamodzi patsiku. Mtsikananso zimamuvuta, akalipiriridwa kawirikawiri amaona ngati ali ndi ngongole, kukana kucheza sabata ya mayeso kumamulemera.

Ndiye funso ndi ili: inu munkapatula zingati za chibwenzi, ndipo nkhani yogawana bilu imayambika bwanji osakhumudwitsana? Nanga masabata awiri mayeso asanayambe, kuonana kangati n'koyenera?